Monita yotambalala ya mainchesi 34: ndinatsala pang'ono kuibweza

Ndaigwiritsa ntchito mwezi umodzi tsopano. Mitundu ndi yowala bwino, pa zimenezo ndilibe chonena. Koma bambo amene anandigulitsa aja anandiuza kuti "ingolumikizani basi, magemu onse adzidzaza okha." Bodza lenileni.

Tsiku loyamba ndinatsegula gemu yanga yowomberana pa 3440x1440. M'malo moona malo ambiri, ndinkaona ochepa kuposa pa monita yakale ya 16:9. Mfuti inadulidwa theka, denga osaoneka, ngati ndikusuzumira pa kabowo ka chitseko. Pasanathe mphindi makumi awiri mutu unayamba kuzungulira. Nditawaimbira bambo aja anangoti, "Mwina kompyuta yanu ndi yofooka, achimwene." Kufooka kwa kompyuta kungadule bwanji denga?

Vuto ndinalipeza ndekha. Magemu ena amasunga madigiri a m'mbali osasintha, ndiye sikirini ikatambalala amangodula m'mwamba ndi m'munsi. Pa 16:9, FOV, kutanthauza kukula kwa malo amene mukuona mu gemu, ikakhala 90 m'mbali imakupatsani madigiri pafupifupi 59 kuchoka m'mwamba kufika pansi. Mukasiya 90 yomweyo pa monita iyi, 59 uja amatsika kufika pa 45. N'chifukwa chake zonse zinkaoneka ngati zandiyandikira kumaso. Kuti 59 abwerere, m'mbali muyenera kuika pafupifupi 107. Kuyesa kwake n'kosavuta: imani malo amodzi, jambulani chithunzi pa 2560x1440, kenako pa 3440x1440. Ngati denga lasowa pa chachiwiri, gemuyo ikudula.

Gemu ina inalibiretu posinthira FOV. Popeza inapangidwa ndi Unreal Engine 4, ndinawonjezera izi mu `Engine.ini`:

```
[/Script/Engine.LocalPlayer]
AspectRatioAxisConstraint=AspectRatio_MaintainYFOV
```

Nditaitsegulanso, ee! Msewu wonse mbali zonse ziwiri, denga lili pamalo pake. Apa mkwiyo unayamba kuphwa. Kungoti si gemu iliyonse imene imamvera mzerewu, ndipo pa magemu opikisana pa intaneti sindikhudza mafayilo, kuopa kutsekeredwa.

Menyu nayo inandivutitsa pang'ono. Kakulidwe ka zilembo ndi zithunzi pa laputopu yanga kali pa 150%, pa monitayi 100%, ndipo gemu ina yakale inkatulutsa menyu yaikulu mopyola sikirini, ukadina batani mausi n'kugunda pambali. Ndinadina kumanja pa fayilo ya `.exe`, kupita ku Properties, Compatibility, Change high DPI settings, n'kuchonga Override high DPI scaling behavior ndi kusankha Application. Ndinaikanso monitayi kukhala sikirini yoyamba pochonga Make this my main display. Zinatheka.

Chotsala ndi mizere yakuda m'mbali pa timakanema ta m'kati mwa gemu, popeza tinajambulidwa pa 16:9. Ndinayesa kutitambasula, nkhope za anthu zinaphwatalala ngati zapondedwa, ndiye ndinangobwezera.

Monitayi ndikuipatsa nyenyezi zinayi. Yachisanu yapita ndi bambo aja, omwe mpaka lero sanayankhe uthenga wanga wachiwiri.