Masilaidi akabwera ngati zithunzi: kulemba manotsi m'kope, ndi Google Lens kapena mu PowerPoint

Amene timaphunzitsa alimi ang'onoang'ono a tiyi kuno ku Thyolo tinazolowera kulandira phunziro losakonzedwa ndi ife, ndipo kawirikawiri silibwera ngati fayilo yoti munthu n'kuitsegula ndi kuisintha. Mwezi watha amene anayenera kuphunzitsa anadwala, ndipo madzulo a Lachitatu ananditumizira pa WhatsApp zithunzi 18 zimene anajambula pa sikirini ya laputopu yake, ndi uthenga woti Lachisanu m'mawa ndikaime pamaso pa atsogoleri a makalabu ku Luchenza kwa mphindi 40. Masilaidiwo anali m'Chingerezi, omvera anali oti ndikawalankhule m'Chichewa, ndipo manotsi amene mwini wake ankayendera sanabwere, chifukwa chithunzi chimagwira zokhazo zimene zikuoneka pa silaidi. Njira zitatu zimene ndikuyerekeza pano ndinaziyesa pa zithunzi zomwezo, ndipo sizinandithandize mofanana.

Pali ntchito imene iyenera kuchitika musanasankhe njira iliyonse, ndiyo kutsimikiza kuti zithunzizo zili mu ndondomeko yake komanso kuti ndi zingati kwenikweni. WhatsApp imapatsa zithunzi mayina ake monga IMG-20250312-WA0007.jpg, ndipo nambala yakumapetoyo si nambala ya silaidi. Ine ndinayang'ana kanambala kamene kanali pakona ya silaidi iliyonse, ndipo ndinapeza kuti 9 inaoneka katatu. Poyamba ndinaganiza kuti mnzangayo anajambula mobwereza, koma nditaziika pafupi ndinaona kuti chithunzi choyamba chinali ndi mfundo imodzi, chachiwiri ziwiri, chachitatu zitatu, kusonyeza kuti inali silaidi imodzi imene mfundo zake zimatuluka imodziimodzi munthu akamadina. Choncho masilaidi enieni anali 16. Ndikanapanda kuona zimenezi ndikanalemba manotsi atatu a nkhani imodzi, ndipo nthawi ikanandithera pamenepo.

Njira yofulumira kwambiri, imenenso anzanga ambiri amathamangira, ndi kutulutsa mawu m'chithunzi pogwiritsa ntchito Google Lens, kapena Google Keep posankha Grab image text, kenako n'kuwamata mu Word. Ubwino wake ndi woonekeratu: m'mphindi zosakwana makumi awiri ndinali ndi mawu a masilaidi onse pa foni, popanda kutaipa ngakhale mzere umodzi, ndipo pamene panali mitu ikuluikulu ndi ziganizo zoonekera bwino panalibe cholakwika. Vuto linabwera pa silaidi 7, imene inali ndi tebulo la miyezi kumanzere ndi makilogalamu a tiyi amene makalabu anagulitsa kumanja. Mawu anatuluka, koma miyezi yonse inatsogola pamzere wake, manambala n'kubwera pambuyo paokha, moti sikunali kotheka kudziwa nambala ya Febuluwale popanda kubwereranso ku chithunzi. Pamalo ena 1,500 inatuluka ngati 1.500, ndipo zilembo zing'onozing'ono za pansi pa tebulo zinasowa, chifukwa WhatsApp imachepetsa chithunzi chikatumizidwa mwa masiku onse. Ndinapempha mnzangayo kuti atumizenso chithunzi chimenecho posankha Document, ndipo chinafika chowala monga anachijambulira.

Komabe chimene ndimaikayikira njira imeneyi si manambala osokonekerawo, poti amenewo munthu watcheru amawagwira. Chachikulu n'chakuti imakupatsani mawu a silaidi, ndipo mukakhala ndi mawuwo pamaso panu mumayamba kuwamasulira mzere ndi mzere, n'kumaganiza kuti mukulemba manotsi. Ndinazindikira izi nditawerenga mokweza zimene ndinalemba pa silaidi 4, imene inali yonena za kathyoledwe: ndinali nditalemba kuti tithyole masamba awiri ndi kansonga, basi, chimene mayi aliyense amene wakhala akulowa m'munda wa tiyi ndi dengu kumsana amachidziwa kuposa ine. Chimene anthuwo akanafuna kumva ndi chifukwa chimene tiyi wokhwima amabwezedwera pa sikelo, ndi zimene zimachitika munthu akadumphitsa masiku othyolera nthawi ya dzinja pamene tiyi akuphuka mofulumira. Zimenezo pa silaidi panalibe, ndiye chida chotulutsa mawu sichikanandipatsa.

Kope ndi cholembera zili mbali inayo. Mumatsegula chithunzi pa foni, kuchiyang'ana, kutembenuza foniyo, kenako n'kulemba zimene mungauze munthu amene wakhala patsogolo panu, ndipo chifukwa chakuti dzanja limatopa, simulemba zosafunika. Manotsi anga abwino kwambiri anachokera m'kope. Silifuna bandulo, silidalira magetsi, ndipo pulojekita ikazima pakati pa phunziro mumapitiriza kulankhula. Kuipa kwake n'kwakuti chithunzi ndi manotsi zimakhala malo awiri, choncho mukadumpha silaidi imodzi chifukwa cha funso mumayamba kutembenuza masamba anthu akukuyang'anani, komanso mnzanu amene akaphunzitse phunziro lomwelo ku Mulanje sabata yotsatira sangapindule ndi zolemba zimene mumaziwerenga ndinu nokha.

Njira imene ndinakhazikika nayo ndi kubwezera zithunzizo mu PowerPoint kuti chithunzi chilichonse chikhalenso silaidi yokhala ndi malo ake a manotsi. Pa laputopu ya Windows mumapita pa Insert, kenako Photo Album, New Photo Album, n'kusankha zithunzi zonse kudzera pa File/Disk, ndipo pa Picture layout mumasiya Fit to slide. Musanadine Create ndi bwino kusanja zithunzizo ndi timivi timene tili pansi pa mndandanda wake. Pali kamsampha kamodzi pamenepa: PowerPoint imawonjezera yokha silaidi ya mutu kumayambiriro, ndipo mukapanda kuichotsa manambala onse amasuntha ndi imodzi, moti silaidi imene pakona palembedwa 7 imakhala ya 8. Pa silaidi 9 ija ndinasunga zithunzi zonse zitatu motsatizana kuti mfundo zizitulukabe imodziimodzi, koma manotsi ake ndinawagawa patatu m'malo mowabwereza. Amene alibe PowerPoint angachite zofananazo mu LibreOffice Impress, imene ndi yaulere ndipo ilinso ndi Photo Album.

Pansi pa silaidi iliyonse pali malo olembedwa Click to add notes, ndipo ubwino wa malo amenewa ndi wakuti mumalemba chithunzi chili pamwamba pomwepo, manotsiwo n'kumayenda nacho kulikonse kumene mungachisunthire. Ndisanalembe ndinagawa nthawi. Pa mphindi 40 ndinachotsa 10 za mafunso, silaidi ya mutu ndi yothokoza ndinazipatsa mphindi imodzi zonse pamodzi, ndipo zotsala 29 zinali za masilaidi 14, kutanthauza pafupifupi mphindi ziwiri iliyonse. Koma tebulo lija linafunika mphindi zinayi, choncho ndinachepetsa pa masilaidi awiri amene anali zithunzi za minda chabe. Nditadziyesa ndi wotchi ya pa foni ndinapeza kuti ndikamalankhula modekha, monga ndimachitira ndi akuluakulu, mawu pafupifupi 100 amanditengera mphindi imodzi. Aliyense ayenera kudziyesa yekha, popeza mawu a Chichewa ndi aatali ndipo chiganizo chachifupi cha Chingerezi chimatalika chikatembenuzidwa.

Manotsi a silaidi 7 anatuluka motere. Mzere woyamba unali wa chimene ndikufuna anthu aone, ndipo ndinalemba kuti, "Bambo ndi mayi, tisathamangire manambala onsewa, tiyang'ane kaye miyezi ya dzinja imene ili pamwambayi, kenako titsike ku miyezi ya chilimwe." Pansi pake ndinaika manambala awiri okha, yaikulu ndi yaing'ono, nditaziyerekeza ndi chithunzi chowala chija kawiri. Kenako ndinalemba funso loti ndiwafunse, lakuti kalabu yawo imatani ndi ndalama za miyezi yochuluka tiyi pokonzekera miyezi imene sikelo imapepuka, ndipo ndinadzikumbutsa kudikira yankho. Mzere womaliza unali mlatho wopita ku silaidi 8, wakuti kusiyana kumeneku ndi chifukwa chake tikambirane za kasamalidwe ka munda. Mlatho umenewu sungatuluke m'chithunzi chimodzi, chifukwa umafuna kuti muone masilaidi awiri oyandikana, ndipo mu PowerPoint amakhala akuoneka kumanzere motsatizana. Panalinso mawu ofupikitsidwa pansi pa tebulolo amene sindinawamvetse, ndipo m'malo mongoganizira ndinamuimbira mwini wake, chifukwa kuuza alimi tanthauzo lolakwika pa nkhani ya makilogalamu awo ndi chinthu chimene sangakuiwalireni msanga.

Pa tsiku lophunzitsa, manotsi amaoneka pa laputopu yanu yokha kudzera mu Presenter View, omvera akuona silaidi pakhoma. Mungayeseretu kunyumba popanda pulojekita podina Alt+F5. Mukalumikiza pulojekita n'kuona kuti laputopu ikungoonetsa zomwe zili pakhoma, manotsi osaoneka, dinani Win+P ndi kusankha Extend m'malo mwa Duplicate. Malire a njira imeneyi ayenera kunenedwanso: silaidi imakhalabe chithunzi, choncho simungakonze mawu olakwika kapena kusintha Chingerezi kukhala Chichewa, ndipo chithunzi chimene chinkaoneka bwino pa foni chimachita chimbuuzi chikakula pakhoma. Imafunanso laputopu ndi nthawi. Ine inanditengera madzulo onse a Lachinayi, pamene Google Lens inatha ntchito yake madzi a tiyi asanawire kawiri.

Amene ali ndi foni yokha ndingawalangize kope, koma tsamba lililonse likhale la silaidi imodzi, nambala yake ndi mutu wake zilembedwe pamwamba ndi zilembo zazikulu. Google Lens ndimaigwiritsabe ntchito, koma pa mayina ovuta ndi ziganizo zimene ziyenera kunenedwa monga zinalembedwera, osati ngati poyambira manotsi. Kwa amene ali ndi laputopu, PowerPoint imaposa zinazo makamaka chifukwa imabalanso pepala: pa File, Print, mukasintha Full Page Slides kukhala Notes Pages, tsamba lililonse limatuluka ndi silaidi pamwamba, manotsi pansi. Ndalama zikachepa mungasankhe 3 Slides, imene imaika masilaidi atatu patsamba ndi mizere yolembapo pambali, ndipo masilaidi anga 18, kuphatikizapo atatu a nambala 9 aja, anakwana pa masamba 6. Ku Luchenza magetsi anazima ndili pa silaidi 11, ndipo ndinamaliza phunzirolo ndi mapepalawo m'manja, tebulo lija nditalikopera kale pa bolodi.