Ndalama ya wophunzira wa pa yunivesite: kamodzi pamwezi, sabata ndi sabata, kapena yogawa?

Makolo ndi ophunzira amakangana kwambiri pa kuchuluka kwa ndalama, koma chimene chimagonetsa mwana ndi njala pa 20 kawirikawiri ndi katumizidwe kake. Njira zimene mabanja amatsata zilipo zitatu. Kuti tiziyerekeze bwino, titenge wophunzira wa pa Chanko ku Zomba amene sanapeze malo m'hositelo, akuchita lendi ku Chikanda, kwawo ndi ku Dedza, ndipo banja lingakwanitse K200,000 pamwezi. Manambalawa ndi achitsanzo chabe, ikanipo anu, chifukwa chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo siikhalitsa malo amodzi. Tigawe motere: lendi ya chipinda chogawana ndi mnzake K60,000, chakudya K90,000, bandulo K15,000, makala, sopo ndi kusindikiza ntchito za m'kalasi K20,000, ndipo K15,000 ndi yosungira thiransipoti. Chakudya ndiye kuti ndi K3,000 patsiku. Nambala imeneyi ndi yoti wophunzira aziyidziwa ngati dzina lake.

Njira yoyamba ndi kutumiza yonse kamodzi, malipiro akangotuluka. Ubwino wake ndi woonekeratu. Mtengo wotumizira ndi wotapira pa Airtel Money kapena Mpamba mumalipira kamodzi, ndipo mwana amagula zinthu mopikula: botolo la mafuta ophikira m'malo mwa oyeza, thumba la makala m'malo mwa timajumbo ta tsiku ndi tsiku, bandulo ya mwezi m'malo mwa ya maola 24. Vuto lake ndi masiku khumi oyambirira. Foni ikamaonetsa ndalama yambiri, kuyatsa mbaula kumaoneka ngati chilango, ndiye nkhomaliro ndi chipisi cha pachiwaya, madzulo mpunga wa kulesitilanti. Akamadya K6,000 patsiku, pofika pa 10 wamaliza K60,000, ndipo K30,000 yotsalayo iyenera kumufikitsa masiku 20, kutanthauza K1,500 patsiku. Apa m'pamene amabwereka ku ndalama ya lendi, kenako kwa a katapila. Akatenga K20,000 yobweza K30,000, mwezi wotsatira wayamba kale ndi dzenje la chakudya cha masiku khumi. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona: mwana amene amaimba foni pakati pa 18 ndi 22 mwezi uliwonse, nkhani yake nthawi zonse ili "alandilodi akuvuta". Njirayi imayenera wa chaka chachitatu kapena chachinayi amene waonetsa kale kuti amaugwira mtima.

Yachiwiri ndi ya sabata ndi sabata, imene makolo ambiri amathawirako akapsa ndi yoyamba. Lendi imapita payokha, K140,000 yotsala n'kuigawa kanayi, K35,000 Lolemba lililonse. Njala ya kumapeto kwa mwezi imathadi, koma pamabwera mavuto ena atatu. Loyamba, mwezi si masabata anayi. Masabata anayi ndi masiku 28, ndiye pamatsala masiku awiri kapena atatu opanda mwini, ndipo amagwera nthawi imene kholo nalonso likudikira malipiro. Lachiwiri, zogula zikuluzikulu zonse zimafuna sabata yoyamba. Mukachotsa bandulo ya K15,000 ndi makala pa K35,000, zotsala sizidyetsa munthu masiku asanu ndi awiri, choncho mwana amasiya ya mwezi n'kumagula timabandulo ta tsiku, timene timatha nthawi data ikadalipo, kapena kutha data iye ali pakati pa ntchito, foni n'kuyamba kudya mayunitsi mwakachetechete. Lachitatu ndi mitengo yotumizira ndi kutapa, imene tsopano mukuilipira kanayi. Pa njira zitatuzi, iyi ndi imene imagula zinthu zochepa kwambiri ndi ndalama yofanana. Imathandiza semesita yoyamba ya chaka choyamba, pamene mwana sanadziwe mtengo wa mulu wa tomato, kenako muisiye.

Yachitatu ndi kugawa ndalama molingana ndi ntchito yake, ndipo ndi imene tingaisankhe. Lendi ya K60,000 kholo litumize kwa alandilodi enieni, n'kusunga uthenga wotsimikiza kuti yapita. K15,000 ya thiransipoti isachoke m'manja mwa kholo. Yotsala ndi K125,000, ndipo ipite kawiri: K80,000 pa 1, momwe muli bandulo, makala, sopo ndi chakudya cha masiku 15, kenako K45,000 pa 16, ya chakudya chokhachokha. Akalakwitsa masamu, njala yake ndi ya masiku atatu kapena anayi, osati milungu iwiri, ndipo denga lili pamutu.

Mphamvu yeniyeni ya njira imeneyi ndi zakudya zochokera kumudzi. Munthu mmodzi wodya nsima kawiri patsiku amamaliza makilogalamu 10 mpaka 12 a ufa pamwezi, ndiye thumba la 50 limamutulutsa semesita yonse ya miyezi inayi. Ukhale ufa woyera woyanikidwa mpaka kuuma bwino, chifukwa mgaiwa uli ndi mafuta a mtima wa chimanga ndipo suchedwa kuwawa ukakhalitsa, makamaka m'chinyezi cha ku Zomba nthawi ya mvula. Thumbalo likhale pa njerwa kapena thabwa, osati pasimenti. Nyemba ndi zabwino koma zimadya makala: azizinyika m'madzi usiku wonse, ndipo aziphika za masiku awiri nthawi imodzi, n'kuziwiritsanso asanagone. Ufa ndi nyemba zikakhalapo, K3,000 ya patsiku ija imangogula usipa, soya pisi, mazira, tomato ndi masamba, ndipo imakwanira bwino. Koma zonsezi zimagwira ngati pali pophikira. Musanalipire chipinda funsani ngati hotipuleti imaloledwa, ndiponso ngati mayunitsi a magetsi ali mu lendi momwemo kapena anthu amasonkherana. Mikangano yambiri ya m'nyumba za ophunzira imayambira pa mita yolira usiku mayunitsi atatha. Funsaninso za holide: alandilodi ena amafuna lendi yonse kapena theka kuti akusungireni chipinda, ndipo imeneyo ndi ndalama imene bajeti ya pamwezi siimaiona ikubwera.

Pa data, njira ilibe kanthu ngati foni ikuwononga yokha. Zimitsani zoti mapulogalamu azidzikonza okha ndiponso zoti mavidiyo a m'magulu a WhatsApp azilowa okha, ndipo mabuku ndi zina zolemera azitsitsa pa wayifayi ya pasukulu. Laputopu yolumikizidwa ku foni ikhoza kumeza bandulo ya mwezi madzulo amodzi ngati simunaiuze kuti data ndi yoyeza. Pa Windows, malo ake ndi pamene palembedwa "Metered connection".

Za ulendo wa kumudzi, apa m'pamene njira yachitatu imasiya zinzake kutali. M'njira ziwiri zoyamba zija K15,000 ya thiransipoti imadyedwa mwezi womwewo, ndipo tsiku lotsekera sukulu kholo limasakanso ina. Ikasungidwa kunyumba miyezi itatu ndi K45,000, yoti ilipire minibasi yopita ndi yobwerera, kuphatikizapo mtengo wa thumba la ufa, poti kondakitala salinyamula ulere. Mitengo imakwera mafuta akamasowa, ndiponso mu Disembala, choncho werengerani ulendo umodzi pakati pa semesita ndi umodzi potsekera. Maliro sapangana ndi bajeti, ndiye mwezi umene mwana sanayende, ndalamayo isawonjezeredwe ku ya ndiwo.