Kabuku ka masamu a zamakompyuta: zomwe ndaona patatha miyezi 7

"Aise, kabuku kaja unagula kwa mphunzitsi wapadera uja kakuthandiza? Ine indakishoni ya mitengo yandizunguza mutu. Ndigule?"

Uthenga umenewu wachokera kwa mnzanga dzulo usiku, ndipo wandichititsa kukatulutsanso m'chikwama. Ndinakagula K18,000, kofotokopa. Mapeji sanathothoke, zilembo zikuwerengeka. Mutu wa maseti ndi wabwino. Wa mizere ya zilembo nawonso ulibe vuto: umasonyeza bwino indakishoni, njira yotsimikizira chinthu poyambira pa chaching'ono kwambiri n'kumakwera, kuti potsimikizira kutalika kwa mizere iwiri yolumikizidwa, `|xy| = |x| + |y|`, umasiya `x` ali chomwecho, n'kumatsata mmene `y` amakulira, chilembo chimodzichimodzi.

Pa mutu wa mitengo, zija zojambula za madontho otchedwa mfundo olumikizana ngati nthambi, m'pamene pali nkhani. Poyambirira kabukuka kamaphunzitsa mokoma kwambiri. Kamati mtengo umapangidwa ndi malamulo awiri okha. Loyamba: mfundo imodzi yokha ndi mtengo. Lachiwiri: ukakhala ndi mitengo iwiri, `T1` ndi `T2`, ukaika mfundo yatsopano pamwamba n'kuilumikiza ku yonse iwiri, wapanga mtengo. Mfundo yopanda mwana imatchedwa tsamba, yokhala ndi ana ndi mfundo yamkati. Chofunika kutsimikizira n'chakuti masamba, `L`, amaposa mfundo zamkati, `I`, ndi imodzi.

Umboni wake umangoponda m'mapazi a malamulowo. Pa lamulo loyamba pali tsamba limodzi, mfundo yamkati palibe, ndiye `1 = 0 + 1`. Pa lachiwiri umavomereza kuti zimenezi n'zoona kale pa `T1` ndi `T2`. Mfundo yatsopano ija ili ndi ana, choncho si tsamba: masamba sawonjezeka, koma mfundo zamkati zawonjezeka ndi imodzi.

```
L = L1 + L2 = (I1 + 1) + (I2 + 1)
I = I1 + I2 + 1
L = I + 1
```

Popeza palibe mtengo wobwera kudzera njira yachitatu, umboni wathera pomwepo. Tsiku lomwe ndinamvetsa zimenezi ndinaona kuti ndalama yanga sinapite pachabe.

Koma mafunso a kumapeto kwa mutuwo anandidyera masabata awiri. Kumeneko kabukuka kamasintha lamulo loyamba mwakachetechete. Kamayambira pa mtengo wopanda kanthu, uja timalemba `null` m'pulogalamu, komabe kamalamula kuti utsimikizire `L = I + 1` yemweyo. Usiku uliwonse ndinkalimbana ndi lamulo lachiwiri, manambala osagwirizana. Vuto linali pakhomo penipeni. Mtengo wopanda kanthu ulibe tsamba, ulibenso mfundo yamkati, ndipo `0 = 0 + 1` ndi bodza. Kuwonjezera apo, malamulo atsopanowa amalola mfundo kukhala ndi mwana mmodzi, mbali inayo ili yopanda kanthu. Jambulani muone: mfundo yamkati imodzi, tsamba limodzi. Ngakhale mfundo yatsopano ija siikhala yamkati nthawi zonse, chifukwa ukalumikiza mitengo iwiri yopanda kanthu imasanduka tsamba. Funsolo limafuna umboni wa chinthu chomwe si choona.

Kuchokera pamenepo sindiyamba umboni ndisanajambule mitengo itatu kapena inayi yaing'ono kwambiri, yomwe malamulo a funsolo amabala, n'kuwerenga ndi chala. Ukangoona kuti lamulo loyamba likukana, usavutikenso ndi lachiwiri.

Chimene chinandisangalatsa n'chakuti ndili m'kati molimbana nazo ndinapeza zomwe funsolo limayenera kufunsa. Usawerenge masamba, werenga malo opanda kanthu, `E`, uwayerekeze ndi mfundo zonse, `N`. Mtengo wopanda kanthu ndi malo amodzi otere, mfundo palibe, ndiye `E = N + 1` ikugwira. Polumikiza mitengo iwiri, malowo amangophatikizana, mfundo n'kuwonjezeka ndi imodzi, ndipo masamu ake amayenda ndendende ngati aja a pamwambapa. Mtengo wa mfundo ziwiri uja uli ndi malo atatu opanda kanthu. Ndinawerenga kangapo ndisanakhulupirire.

Tsono za wogulitsa. Pogula anandilonjeza kuti zolakwika zikapezeka azititumizira mapeji okonza kwaulere. Ndinawalembera mwaulemu, ndinajambulanso mtengo wa mfundo ziwiriwo n'kuwatumizira. Anayankha patatha masabata atatu kuti ndiwerengenso bwino. Nditalimbikira anavomera kuti funsolo n'lolakwika, koma anati lokonzedwa lili m'kabuku katsopano, ndipo ndiyenera kulipiranso. Zimenezi zinandiwawa, chifukwa alipo anzathu ena a chaka choyamba omwe akudziyesa osadziwa masamu pa funso lomwe lilibe yankho.

Ndiye aise, maphunziro a m'katimo ndi oyenera ndalama ija, koma ine sindiwonjezeranso tambala kwa bambo amenewa. Ubwere Loweruka udzatenge kanga. Funso lija ndinalikonza kale ndi cholembera chofiira m'mphepete mwa peji.