LOOKUP kapena LOD pa kusintha kwa malonda

Mu Tableau, pulogalamu yosanthulira deta, njira yachidule yoyerekezera malonda a mwezi uno ndi a wapitawo ndi iyi:

```
(ZN(SUM([Sales])) - LOOKUP(ZN(SUM([Sales])), -1))
/ ABS(LOOKUP(ZN(SUM([Sales])), -1))
```

Malonda akachoka pa 200 kufika pa 250, imapereka 0.25, ndiye kuti 25%. Koma LOOKUP imangoona zomwe zili patebulo. Mukachotsa Januwale ndi fyuluta wamba, Febuluwale amasowa womuyerekeza naye, malo ake n'kukhala opanda kanthu. Compute Using, yomwe imauza LOOKUP mbali yowerengera patebulo, ikaloza kolakwika, mumayerekeza zigawo m'malo mwa miyezi, Tableau osadandaula n'komwe.

Njira ina ndi FIXED, mtundu wa LOD kapena kuti Level of Detail, yomwe imawerengedwa fyuluta wamba asanagwire ntchito, choncho Januwale satayika. Imatalika kulemba, ndipo fyuluta wa Context, yemwe amagwira ntchito FIXED isanawerengedwe, amaidulabe. Ine ndimaisankha pokhapokha pakafunika nambala imodzi ya mwezi womaliza. Pa tebulo la miyezi yonse, LOOKUP imakwana.