Kuchulukitsa mobwereza: matirikisi monga ilili, kapena yochotsedwako nambala?

Titenge `A = [[10,1],[1,10]]`, yomwe ma aigenivaliyu ake ndi 11 ndi 9. Aigenivekita ndi vekita yomwe `A` imangoichulukitsa ndi nambala osaikhotetsa, ndipo nambalayo ndiyo aigenivaliyu. Cholinga ndi kupeza aigenivaliyu wamkulu, 11, ndi aigenivekita yake. Njira yoyamba ndi kuyamba ndi vekita `x = (1,0)`, kuichulukitsa ndi `A`, kuigawa ndi utali wake kuti manambala asakule mopyola, n'kubwerezanso. Zimatheka chifukwa `x` ili ndi zigawo ziwiri: cholunjika ku `(1,1)` chimachulukitsidwa ndi 11 ulendo uliwonse, cholunjika ku `(1,-1)` ndi 9 basi. Chachiwiricho chimanka chizimirira ndi `9/11` poyerekeza ndi chinzake. Koma kuchedwa kwake! Kuti chichepe ka 1000 pamafunika maulendo 35.

Njira yachiwiri imagwiritsa ntchito `A - 8I`, ndiye kuti `A` yochotsedwako 8 pa ma 10 ake awiri aja. Ma aigenivekita sasintha, koma ma aigenivaliyu amakhala 3 ndi 1, ndipo ndi `1/3` maulendo 7 amakwanira. Pomaliza mubwezere 8 uja pa aigenivaliyu 3 kuti mupeze 11.

Yachiwiriyi ndi yachangu ndithu, koma imafuna kudziwiratu pamene ma aigenivaliyu ali. Mukachotsa 10 mumatsala ndi 1 ndi -1, ofanana kukula, ndipo vekita imangodumpha pakati pa `(1,0)` ndi `(0,1)` osakhazikika. Mukachotsa woposa 10, imakhazikika, koma pa mzere wa aigenivekita ya 9, ikutembenuka kuloza mbali inayo ya mzerewo ulendo uliwonse.