Ndemanga: kalendala ya mapositi ya masabata anayi, itayesedwa pa lesitilanti ya nsima ku Chilenje

Nyenyezi 3 mwa 5.

Kalendala imeneyi imagulitsidwa ndi kakampani kena ka muno mu Lusaka kamene kamathandiza mabizinesi ang'onoang'ono pa Facebook ndi WhatsApp. Mukalipira amakupatsani zinthu zitatu: chipepala chachikulu cha A3 chokhala ndi mabokosi 28, bokosi limodzi tsiku limodzi, kabuku ka mawu 40 olemberatu oti muziika pansi pa zithunzi, ndi ola limodzi lokhala pansi ndi munthu wawo kuti akukonzereni foni. Mtengo wake ndi ngati wa mbale zisanu za nsima ya nkhuku. Tinaigwiritsa ntchito masabata anayi a mu Okutobala pa lesitilanti ya matebulo asanu ndi limodzi, yotsegula Lolemba mpaka Loweruka, ya antchito atatu ndi foni imodzi. Foni yomweyo ndiyo imalandira maoda, imalandira ndalama za makasitomala, ndiponso imaimbira wa njinga yamoto wopereka chakudya.

Ola lokonzera foni lija ndilo lokhalo limene silifuna kukonzanso, ndipo pa lokha likukwana ndalamayo. Amakutsegulirani peji ya Facebook ngati munkagwiritsa ntchito akaunti yanuyanu, chifukwa Meta Business Suite, imene imasungira mapositi kuti adzatuluke okha pa nthawi yake, imafuna peji. Amakuikirani WhatsApp Business pa nambala ya bizinesi, WhatsApp yanu ya kunyumba n'kutsala pa simu inayo. Amalembanso linki ya `wa.me/260` yotsatana ndi nambala yanu yopanda 0 woyambirira, kuti munthu akaona chithunzi angodina n'kulowa mu chati. Mu Quick replies amasungamo menyu ndi malangizo a njira, moti kasitomala akafunsa kuti lero kuli ndiwo zanji, mumangolemba `/menyu` yankho lonse n'kutuluka.

Vuto lili pa mabokosi 28 aja. Kalendalayo imafuna positi tsiku lililonse, Sondo yomwe, ndipo imati zonse muzilembe ndi kuzisungiratu kumayambiriro kwa mwezi. Amene anaikonza akuoneka kuti ankaganiza za lesitilanti ya menyu yosindikiza imene sisintha. Ya nsima simayenda choncho. Ndiwo za Lachitatu zimadziwika Lachitatu m'mawa, wogula akabwera kuchokera ku Soweto Market. Nsomba ikadula kapena ikapezeka yosaoneka bwino, mumphika mumalowa nyemba. Ndiye tangoganizani positi imene munaisungira masabata awiri apitawo ikutuluka 11:00 n'kumauza anthu kuti lero kuli nsomba yowotcha. Wa ku ofesi wayenda padzuwa la Okutobala, wafika, nsomba kulibe. Mawa lake sakhulupiriranso zimene mwalemba, ndipo positi yoteroyo yakuwonongerani kuposa mukadangokhala chete.

Chimene chinatheka ndi kugawa kalendalayo pawiri ndi cholembera. Zinthu zosasintha zimapita pa Facebook ndipo zimasungidwiratu: katatu pa sabata, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, kutanthauza mapositi 12 pa mwezi m'malo mwa 28. Zosasintha ndi monga nthawi yotsegulira, malo amene muli, kumene mumafikitsa chakudya, ndiwo zimene zimapezeka tsiku lililonse, ndi maoda a maphwando. Zinthu za tsiku lomwelo zimapita pa Status ya WhatsApp, chithunzi chimodzi ndi mzere umodzi wa mawu, masiku asanu ndi limodzi pa sabata, 24 pa mwezi. Status imazimiririka pakatha maola 24, ndipo apa ndi ubwino, chifukwa ndiwo za dzulo sizitsala poonekera. Mabokosi a Status musalembemo dzina la ndiwo. Lembanimo nthawi ndi dzina la amene ajambule, basi.

Nthawiyo ndi 10:30, osapitirira 11:00. Anthu a m'maofesi ndi m'magalaja amasankha kodyera njala ikayamba kumveka, ndipo amene amasonkhanitsa oda ya anzake asanu amafunika mpata woti awafunse. Chifukwa china n'chakuti kuyambira 12:00 mpaka 14:00 foni si yanu. Ili pa kauntala, wina akuonetsa meseji yoti watumiza ndalama, wina akuimba kuti chakudya chachedwa. Kabukuko kamati muzijambula vidiyo nthawi imene malo adzaza kuti anthu aone kuti mumagulitsa. Pa foni imodzi zimenezi sizitheka popanda kuphonya oda. Kalendala yonse sinatchule n'komwe zoti foni imakhala yotanganidwa masana, ndipo nyenyezi imodzi yachoka pa chifukwa chimenecho.

Pali chinanso chimene wokonza foni uja anangochitchula mothamanga koma n'chachikulu. Status yanu imaonedwa ndi okhawo amene anasunga nambala yanu, inunso n'kusunga yawo. Lesitilanti zambiri zili ndi machati mazana a manambala osasungidwa, ndiye mwini amadabwa kuti Status yaonedwa ndi anthu khumi okha, achibale okhaokha. Aliyense amene waoda musungeni tsiku lomwelo madzulo, ndi dzina lokuthandizani kukumbukira, monga "Oda, a ku galaja", ndipo mumupemphe kuti nayenso asunge yanu. Musazimitse Read receipts, chifukwa mukatero simudzaona amene aona Status yanu.

Mapositi 12 aja tinawayala motsatira m'matumba mwa anthu, osati motsatira mitu ya m'kabuku. Sabata yoyamba anthu akadali ndi ya malipiro, choncho Lolemba kunatuluka nkhuku ya kumudzi, Lachitatu nyama ya mbuzi, Lachisanu chikumbutso chakuti Loweruka timatsegula. Sabata yachiwiri inali ya maofesi: kumene chakudya chimafika, nthawi yomaliza kulandira oda, ndi chithunzi cha mmene timapakira kuti msuzi usatayike m'njira. Sabata yachitatu ndalama zatha kwa ambiri, ndipo kuonetsa nyama pamenepo n'kungotokosa anthu. Apo pamafunika mbale zotsika mtengo, nyemba, kapenta, mazira, chibwabwa chotendera, zojambulidwa bwino ngati mmene mumajambulira nkhuku. Sabata yachinayi inabwerera ku nyama ndi maoda a mabanja.

Okutobala ali ndi maholide awiri, tsiku la mapemphero a dziko pa 18 ndi tsiku la ufulu pa 24. Kabukuko kali ndi mawu ofunira anthu chikondwerero chabwino cha ufulu, ndi abwino ndithu, koma sikakumbutsa chimene mwini lesitilanti akufunika kudziwa: holide ikagwera pakati pa sabata maofesi amatseka, ndipo makasitomala anu a masana kulibe. Positi yothandiza ndi ya masiku atatu holide isanafike, yonena ngati mudzatsegula, nthawi yanji, ndiponso kuti amene akufuna nkhuku zathunthu za kunyumba aode pofika liti. Musanalembe chilichonse m'mabokosi, yambani mwazunguliza maholide a mwezi umenewo ndi kuona tsiku limene agwera.

Za nthawi, iwo amati ola limodzi pa sabata. Zoona zake ndi ola limodzi ndi theka, ngakhale mutachepetsa mapositi monga tanenera. Mphindi 20 ndi zojambula zithunzi za Facebook, tsiku limodzi lopanda phokoso ngati Lachiwiri cha m'ma 11:15, miphika itapsa koma anthu asanayambe kulowa. Mphindi 40 ndi za Sondo madzulo, kusankha zithunzi zitatu, kulemba mawu, ndi kuziika mu Planner, kalendala ya mu Meta Business Suite yosungiramo mapositi. Status imatenga mphindi 5 patsiku, 30 pa sabata. Sungirani sabata imodzi yokha nthawi iliyonse, osati mwezi wonse, kuti zinthu zikasintha muzikonza positi zitatu zokha. Positi ikangokwera bwinobwino imadzatuluka yokha ngakhale malaiti atapita, batire itatha kapena bandulo itatha. Koma tsegulani Planner muone ngati ikuonekadi pa tsiku lake, chifukwa netiweki ikaduka ili m'kati mokwera, mudzangozindikira Lachitatu kuti palibe chatuluka.

Tsamba la m'kabukuko lonena za kajambulidwe ndi labwino, ndipo lalembedwa ndi munthu amene anajambulapo chakudya. Limati pukutani galasi la kamera musanajambule, popeza foni yokhala kukhitchini imagwira nthunzi ya saladi ndipo zithunzi zimatuluka ngati za m'chifunga. Limati tengerani mbale pafupi ndi khomo kapena windo, osayatsa fulashi. Tingowonjezerapo za nsima, imene iwo sanaiganizire. Nsima ndi yoyera, ndipo pa kuwala kwambiri imangooneka ngati chibuluma chopanda maonekedwe. Dinani pa nsimayo pa sikirini, tsitsani kuwala pang'ono, ndipo ndiwo zikhale kutsogolo. Foni igwireni choimirira kuti chithunzi chomwecho chikwane pa Status ndi pa Facebook. Vidiyo isapitirire masekondi 15. Ya mphindi yathunthu imatha kupitirira 100 MB, ndipo foni ya malo ochepa ikadzaza, WhatsApp imayamba kuvuta nthawi ya maoda. Zithunzi zimene simunasankhe zifufuteni Sondo yomweyo.

Pamene tsambalo lalakwitsa ndi ponena kuti mtengo muziulemba pa chithunzi penipeni. Makala, saladi kapena thumba la 25 kg la ufa zikakwera, chithunzicho chimakhala chikuzungulirabe m'magulu a WhatsApp ndi mtengo wakale, ndipo mkangano wake umachitikira pa kauntala. Mtengo ukhale m'mawu a pansi, amene mungawasinthe, komanso mu `/menyu`.

Mawu 40 olemberatu aja ndiwo gawo lofooka kwambiri. Onse ndi a Chingerezi, ndipo ndi Chingerezi cha m'mahotela. Wodya nsima ku Chilenje safuna kuuzidwa kuti adzasangalala ndi ulendo wa zokoma. Akufuna kudziwa ndiwo, mtengo ndi nthawi. Mzere ngati uwu unabweretsa mafunso ambiri kuposa onse a m'kabuku: "Lero mbuzi ndi chibwabwa, nsima yapsa 12:00. Oda za ku ofesi tikutseka 11:45." Pa 40 aja, amene anagwira ntchito osasinthidwa ndi asanu ndi limodzi, a nthawi yotsegulira ndi a maholide.

Pansi pa chipepalacho pali malo olembapo malaiki a positi iliyonse. Tinawasiya. Amalaika ndi achibale a ku Chipata ndi anzanu a ku Kitwe, amene sadzabwera kudzadya. M'malo mwake, m'buku la maoda jambulani mzere wina, ndipo kasitomala watsopano aliyense afunsidwe kuti wamva kuti za malo ano. Mukatha masabata anayi muwerenge timizere ta Status, ta Facebook ndi ta "anandiuza mnzanga", kenako mwezi wotsatira muchotse mtundu wa positi umene sunabweretse munthu.

Amene alibe peji, ndipo WhatsApp Business sanaiikepo, agule chifukwa cha ola lokonzera foni ndi tsamba la zithunzi. Amene ali nazo kale atha kujambula okha mabokosiwo kuseri kwa kalendala yakale, n'kuipachika pafupi ndi pochajira foni pomwe wojambula wa 10:30 aziiona.