Maola 37 m'kope la mwana, kuchoka ku Blantyre kukafika ku Joni

Abale kumudzi akamafunsa za ulendo wa ku Joni, chomwe amafuna kudziwa ndi mtengo wa tikiti. Za kutalika kwa njira amangomva kuti anthu amagona m'basi. Ine ndikufuna ndikuuzeni za maola ake, ndipo amene anawawerenga ndi mwana wanga wa zaka 9, yemwe amakhala ndi agogo ake ku Chiradzulu. Ndinakamutenga mu Ogasiti sukulu atatsekera, kuti adzaone kumene ine ndi bambo ake timakhala.

Malume ake anamubwereka wotchi yapamkono yoonetsa manambala, ndipo iye anatenga kope lake la masamu lomwe linali litatsala ndi masamba angapo. Tili chikhalire m'basi ku Wenela, anajambula mzere pakati pa tsamba. Kumanzere analemba kuti "kuyenda", kumanja "kuima". Tikiti inkati 6 koloko m'mawa, koma anyamata anali akulongedzabe matumba a mpunga, nsomba zouma ndi mtedza m'ngolo yomwe basi imakoka, moti tinanyamuka 7 koloko. Anandifunsa ngati ola latayikalo aliwerenge. Ndinamuuza kuti ayambire pomwe matayala agudubuzika.

Vuto loyamba linabwera tisanawoloke n'komwe mtsinje wa Shire. Basi inaima pa rodibuloko, wapolisi anangosuzumira n'kutiuza kuti tizipita. Mwanayo anagwira pensulo m'mwamba osadziwa chochita.

"Amayi, kumeneku ndi kuima?"

Mayi wina wachikulire amene anakhala kumbuyo kwathu, wopita kwa mwana wake ku Pretoria, ndiye anagamula mlanduwo. "Mdzukulu wanga, uziwerenga pokhapokha chitseko chikatseguka anthu n'kutsika. Ukamawerenga paliponse pomwe adalaivala aponda buleki, kope likuthera tisanafike ku Tete." Lamulo linakhala limenelo mpaka ku Joni.

Masana ndingowadutsa mwachangu. Pa Mwanza tinafika 9 koloko, ndipo pomwe tinkachoka ku Zobue, mbali ya Mozambique, inali 11:30. Ku Tete kunkatentha ngakhale inali nyengo yozizira, ndipo mwanayo anaiwala za kope kwa kanthawi ataona kukula kwa Zambezi. Titadutsa Changara ndi milambe yake tinafika pa Cuchamano 4 koloko. Chidindo chotulukira m'Mozambique, chidindo cholowera m'Zimbabwe pa Nyamapanda, kudikira anzathu kuti onse athane nazo: pomwe basi inkanyamukanso, 6:30, kunja kunali kutada.

Pamenepa ndi pomwe anthu osaudziwa ulendowu amalakwitsa masamu. Malire alipo atatu, koma mizere yoimapo ilipo isanu ndi umodzi, chifukwa pa malire alionse mumadinditsa kawiri, potuluka dziko lina ndi polowa linalo. Ndipo basi sichoka mpaka munthu womaliza atakwera. Inu mukhoza kumaliza m'mphindi 20, koma ngati mnzanu pasipoti yake yavuta, nonse mudikira. Mwanayo ankada nkhawa kuti mwina wotchi iyamba kunama tikalowa dziko lina, poti aphunzitsi anawauza kuti nthawi imasiyana m'maiko. Akondakitala anamulimbitsa mtima kuti Malawi, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa onse amayendera nthawi imodzi, wotchi asaigwire.

Usiku ndiwo unali ntchito yeniyeni. Magetsi a m'basi atazimitsidwa sankathanso kuona zikwangwani, choncho ankadina kabatani kowalitsa wotchi n'kulemba kope lili pa bondo. Kuchoka pa Nyamapanda kukafika ku Harare ndi makilomita pafupifupi 240, kudzera ku Mutoko ndi Murewa. Tinafika 10 koloko usiku. Magetsi a mumzindawo anamudzidzimutsa, anaimirira n'kufunsa ngati tafika. Nditamuuza kuti sitinathe ngakhale theka la njira, anakhala pansi osayankhula, kenako anawerenga zala: maola 15.

Ku Harare tinaima ola lathunthu. Basi inamwa mafuta, adalaivala anasinthana, ife tinatsika kukadziwongola ndi kupita kuchimbudzi. Amene mukubwera ndi mwana, chonde mukhale ndi ndalama zing'onozing'ono m'thumba lapafupi. Zimbudzi zambiri za m'njira n'zolipira, ndipo kwacha ikangodutsa Zobue ilibenso mawu. M'Zimbabwe amakonda madola a ku America, ndipo mukamayandikira kum'mwera marandi amalandiridwanso. Ine ndinali nditasunga marandi achitsulo mu mpango. Chakudya tinanyamula chakwathu: nkhuku yokazinga youma bwino, mazira owiritsa, mbatata ndi mabisiketi. Mpunga wa m'kontena uzidyedwa tsiku loyamba lomwelo, chifukwa ukadutsa m'kutentha kwa ku Tete sumachedwa kusasa.

Tinachoka 11 koloko, kutsogolo kwathu kuli makilomita pafupifupi 580 okafika ku Beitbridge, chigawo chotalika kuposa zonse. Kuzizira kunayamba kulowa. Dera la Harare ndi lokwera, ndipo usiku wa mu Ogasiti mphepo imalowera m'mphepete mwa mawindo mpaka kukugwira m'mawondo. Juzi yomwe agogo ake anamuveka sinakwanire. Ndinamufunditsa zitenje ziwiri ndi kabulangete kanga, n'kumuveka sokosi zanga pamwamba pa zake. Musaike bulangete m'chikwama chopita m'ngolo, chifukwa ngoloyo satsegula pakati pa usiku chifukwa cha munthu mmodzi.

Pa Chivhu, nthawi ili cha m'ma 1 koloko, chitseko chinatseguka, azibambo angapo anatsika. Analemba mzere wake, koma pensulo inali ikuterereka. Anayesa kukhala tsonga, anayesa kudzitsina pa mkono, mutu n'kumangogwera pa phewa langa.

"Amayi, ndikagona muziwerenga inuyo. Koma musaname."

"Gona mwanangu, ndiwerenga."

Anandipatsa kope ndi pensulo, koma wotchi anakana kuvula. Ndinkachita kumutukula mkono pang'onopang'ono kuti ndione nthawi. Ndinakhala maso mumdimamo, anthu akuliza nkonono, kanyimbo ka adalaivala kakumveka chapansipansi, ndikusunga mawerengero a mwana yemwe zaka zambiri za moyo wake ndakhala ndikumulera pa foni. Zinthu zomwe wandipempha pa foni n'zambiri, nsapato, mpira, chikwama cha kusukulu, ndipo zonsezo ndimangotumiza. Ichi chinali chinthu choti ndimuchitire ndi manja anga ali pompo, ndiye tulo sindinatilole.

Ku Masvingo tinafika cha m'ma 3 koloko, ndinalemba. Titadutsa Ngundu basi inaimanso patchire, chitseko chinatseguka, akondakitala anatsika ndi tochi kukaona matayala a ngolo, palibe wina anatsika. Ndinasowa pogwira: lamulo lija linkati chitseko chitseguke ndiponso anthu atsike. Ndinaika kadontho m'malo mwa mzere. Atadzuka cha m'ma 5 koloko, choyamba kufunsa chinali kope. Analiyang'anitsitsa kadonthoko, anandifunsa mafunso ngati wapolisi, kenako anatembenukira kumbuyo.

"Agogo, kondakitala ndi munthu mmodzi. Tiwerenge?"

"Anatsika ndi miyendo yake?"

"Eya."

"Ndiye werenga."

Kadontho kanasanduka mzere.

Kunayamba kucha titapitirira Rutenga. Dziko linali louma, la minga ndi milambe, mbuzi ndi abulu zili m'mbali mwa msewu. Pa Beitbridge tinafika 7:30, ndipo mwanayo anawerenga kuti tsiku lathunthu lakwana ndi theka la ola pamwamba. Chipata chimenechi chimagwira ntchito usana ndi usiku, koma mabasi ochoka ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe komweko amakumanirana pamenepo, aliyonse ndi anthu ake ndi ngolo yake. Mumadinditsa mbali ya Zimbabwe, mumawoloka mlatho wa Limpopo, mumakafolanso mbali ya South Africa. Kenako katundu amatsitsidwa, aliyense amaima pambali pa wake kuti aonedwe, n'kumulongedzanso. Kulongedzanso kokhako kumadya nthawi, poti thumba lililonse liyenera kubwerera pomwe linakwanira poyamba.

Mwana amafunika pasipoti yakeyake, ndipo amafola nanu pa mzere kuti amuone nkhope. Ine ndinanyamulanso chikalata chake chobadwira ndi kalata ya bambo ake yovomereza ulendowo. Ngati mwana akuyenda ndi azakhali kapena amalume, mapepala oterewa musawasiye. Mukadinditsa, musangotseka pasipoti n'kuthamangira ku basi. Tsegulani muone tsiku lomwe alembapo. Amalawi timapatsidwa masiku osapitirira 30, ndipo tsiku lolembedwalo ndi lomwe adzaliyang'ane potuluka. Mnyamata wina wa m'basi mwathu anabwezedwa pamenepo chifukwa ulendo wapitawo anapitiriza masiku. Tinamudikira nthawi yaitali akondakitala akuyesa kumva nkhani yake, mapeto ake anatsitsa chikwama chake, ife n'kunyamuka.

Mwanayo anaona zonsezo ali pawindo. Sanafunse kanthu mpaka titadutsa Musina.

"Amayi, achimwene aja agona kuti?"

Ndinamuuza kuti akwera basi yobwerera kumudzi. Anatsegula kope n'kulemba maola 5 kumanja, pafupi ndi dzina la Beitbridge, lomwe anakopera pa chidindo cha m'pasipoti yake.

Msewu wa N1 unamubwezera chimwemwe. Tisanafike ku Louis Trichardt basi inalowa m'ngalande zoboola phiri, ndipo anakuwa mpaka anthu anaseka. Ku Polokwane tinaima, ndinamugulira tchipisi ndi marandi otsala. Agogo aja anatsika ku Pretoria cha m'ma 7 koloko madzulo, atamusiyira malalanje awiri n'kumuuza kuti akalimbikire masamu. Kuchoka pamenepo ankangoyang'ana magalimoto odzaza misewu inayi mbali imodzi, wotchi ataiiwala.

Pa Park Station tinalowa 8 koloko usiku. Layini yanga ya kuno ndinali nditaibwezera m'foni tili ku Musina, choncho bambo ake ankadziwa kale nthawi yomwe tifike ndipo tinawapeza akutidikira mkati. Musadalire layini ya ku Malawi pa zimenezi, ndipo musatuluke panja pa siteshoniyo usiku ndi mwana ndi katundu kukasaka galimoto. Wokuchingamirani akupezeni mkati.

Masamu anawamaliza m'mawa mwake, atakhala pamphasa m'chipinda chathu. Ulendo wonse unatenga maola 37 pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1,700. Kumanzere kunatuluka maola 26, kuphatikizapo timaimidwe tating'onoting'ono tomwe sanatiwerengere mphindi. Kumanja kunatuluka maola 11, ndipo 10 mwa amenewo anathera pa malire atatu aja, theka lake pa Beitbridge pokha. Mizere ya kuima inakwana 14. Bambo ake anatsutsa, amati basi singaime kochepa chonchi pa ulendo wonsewo, ndipo mwanayo anawafotokozera lamulo la chitseko kuyambira pa rodibuloko yoyamba ija.